Voisi ya mlimi inafika kwa mlangizi itatembenuka: makina atatuwa walakwa ndi uti?

MlembiWaKilabu
Moni nonse. Ndine mlembi wa kilabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje. Chaka chino tili ndi mlangizi wochokera ku Kenya amene Chichewa sachimva. Alimi athu ambiri, makamaka amayi, kulemba pafoni kumawavuta, koma voisi ya pa WhatsApp amatumiza bwinobwino. Ndiye mphwanga amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre anatikonzera njira yoti mlimi azitumiza voisi m'Chichewa, mlangizi n'kuilandira ikulankhula Chingerezi, yankho lake n'kubwerera m'Chichewa.

Mayi wina anatumiza kuti tiyi wawo akuchita chikasu, ndipo thumba limodzi la feteleza sanathire. Yankho linabwera loti asathirenso, poti athira kale sabata yomweyo. Mayiwo anamvera, thumba lija n'kulisunga m'nyumba mvula yabwino ikudutsa. Zinadziwika atakumana ndi mlangizi pamsonkhano ine ndikumasulira. Mlangizi akuti zimene anamva zinali zomveka bwino, zopanda chokayikitsa. Mphwanga akuti makinawo ndi atatu olumikizana. Funso langa n'lakuti tingadziwe bwanji amene analakwitsa, ndipo kodi tingapitirize kuwagwiritsa ntchito?

MnyamataWaLuchenza
Netiweki imeneyo akulu. Kumunsi kwa phiri voisi imaduka.

Sapitwa3002
Si netiweki. Voisi ya pa WhatsApp imapita ngati fayilo. Ikafika imafika yonse, ikalephera imangozungulira osatsitsika. Siimataya mawu panjira ngati kuimbirana.

ZaMakinaBT
Bambo mlembi, musanaweruze, mufunse mphwanuyo akutumizireni zolembedwa zapakati. Makina atatuwo amagwira chonchi. Woyamba amamvetsera voisi n'kulemba zimene wamva, m'Chichewa momwemo. Wachiwiri voisi saimva n'komwe, amangolandira zolembazo n'kuzimasulira m'Chingerezi. Wachitatu sadziwa kuti panali Chichewa, amangowerenga mokweza Chingerezi chimene wapatsidwa.

Pakati pa woyamba ndi wachiwiri pali zolemba, pakati pa wachiwiri ndi wachitatu palinso zolemba. Ngati mnyamatayo amazisunga, tiona pamene uthenga unapindikira. Inunso mumvetsere voisi yoyambirira ndi makutu anu, mulembe liwu lililonse monga mmene mayiwo analankhulira, osakonza. Dzina lawo ndi nambala yawo musaike pano.

MayiWaLimbuli
Ine ndimayesa ndi chinthu chimodzi chimene chimamva n'kuyankha. Kani ndi zitatu? Basi zili ngati kutuma mwana kuti akauze mnzake, mnzakeyo akauzenso wina, wachitatuyo n'kukafika akulankhula molimba mtima zimene sanazimve yekha.

MlembiWaKilabu
Ndazipeza. Mayiwo ananena izi: "Alangizi, tiyi wanga wa kumtunda uja masamba akuchita chikasu. Feteleza ndinathira matumba awiri mu Disembala, lachitatu sindinathire. Kodi ndithire pano kapena ndidikire mvula?"

Makina oyamba analemba izi:

```
alangizi tiyi wanga wa kumtunda uja masamba akuchita chikaso feteleza ndinathira matumba awiri mu disembala lachitatu ndinathira kodi ndithire pano kapena ndidikire mvula
```

Achiwiri anatulutsa izi, zimene mlangizi anamva:

```
I applied two bags of fertilizer in December. On Wednesday I applied. Should I apply now or wait for rain?
```

Ndaika chigawo chokhudza feteleza chokha. Za masamba achikasu zinamasuliridwa bwino.

MphunzitsiChonde
Ha! Thumba lachitatu lasanduka tsiku Lachitatu.

ZaMakinaBT
Ndiye zolakwika zilipo ziwiri, ndipo aliyense ali ndi chake.

Woyamba anataya kukana. Mayi anati "sindinathire", iye analemba "ndinathira". Wachiwiri pamenepo alibe mlandu, anamasulira mokhulupirika bodza limene anapatsidwa. Koma mlandu wake uli pa "lachitatu". Munthu akamva matumba awiri kenako lachitatu amadziwa kuti akunena thumba, chifukwa "la" akugwirizana ndi thumba limene silinatchulidwenso. Womasulirayo anatenga tanthauzo limene amakumana nalo kawirikawiri m'zolemba zimene anaphunzirira, lomwe ndi tsiku. Onaninso kuti woyambayo analemba zonse m'zilembo zazing'ono, popanda mpumiro kapena chizindikiro cha funso. Makina ambiri omva mawu amatero. Tsiku timalilemba ndi L wamkulu, thumba ndi l wamng'ono, koma womasulira sanapatsidwe ngakhale kachizindikiro kameneko.

Zolakwika ziwirizi zitaphatikizana zinabala chiganizo chosalala choti anathira Lachitatu. Chikanakhala chosweka, mlangizi akanafunsanso. Wachitatu ndiye anamaliza ntchito, chifukwa anachiwerenga ndi mawu odekha, osakayikira. Iye amawerenga zoona ndi zabodza ndi mawu amodzimodzi.

MnyamataWaLuchenza
Komatu mwa mawu onsewo walakwitsa awiri okha. Si zabwino zimenezo?

ZaMakinaBT
Achimwene, mwakhudza nkhani yeniyeni. Opanga makinawa amayeza powerenga mawu olakwika pa mawu 100 alionse. Uthenga wa mayiwu uli ndi mawu 23, olakwika ndi 2, kutanthauza pafupifupi 9 pa 100. Kwa chinenero chathu, komanso voisi yojambulidwa kumunda, chiwerengero chimenecho munthu akhoza kuchinyadira.

Koma muyeso umenewu umati "chikaso" ndi "ndinathira" n'zolakwika zofanana kulemera. Choyambacho sichinavulaze aliyense, womasulira anachidutsa bwino. Chachiwiricho chinatembenuza uthenga wonse. M'Chichewa liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi, ntchito ndi kukana pamodzi, ndipo kukanako kumakhala kaphatikizo kamodzi kakafupi, "si" kapena "sa". Ganizirani "amwe" ndi "asamwe", "mupopere" ndi "musapopere". Choncho poyesa makinawa musamawerenge mawu olakwika okha. Muziwerenga mauthenga amene tanthauzo lake lafika lamoyo.

MphunzitsiChonde
Ine chikundivuta ndi ichi. "Sindinathire" ali ndi zizindikiro ziwiri za kukana, "si" koyambirira ndi "e" kumapeto. Tingoti mphepo inameza "si", bwanji sanalembe "ndinathire"? Wasintha bwanji ndi kumapeto komwe?

ZaMakinaBT
Aphunzitsi mwaona bwino. Makinawa samangolemba zimene amva, amasankhanso mawu amene amaoneka kawirikawiri m'chinenerocho. Akamva chinthu chonga "ndinathire", chimene sichipezeka m'zolemba, amachikokera ku liwu lapafupi lodziwika, ndipo "ndinathira" anali atangomveka kumene m'chiganizo chomwecho. Khalidwe limeneli limathandiza nthawi zambiri, chifukwa limakonza timawu tosamveka. Apa linafufuta umboni wotsala woti chinachake chasowa.

Za chimene chinameza "si", ndikuganiza njira ziwiri. Voisi yaitali imadulidwa zidutswa isanaperekedwe kwa womva, ndipo wodulayo amadula pamene munthu wapuma. Ngati mayi anapuma atanena "lachitatu", chidutswa chotsatira chinayambira pa "s", amene ndi kamphepo chabe kopanda mphamvu. Wodula akhoza kumutenga ngati phokoso n'kuyamba kusunga mawu mochedwa. Mankhwala ake n'kumuuza kuti azisiya kampata kutsogolo ndi kumbuyo kwa chidutswa chilichonse, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Njira ina ndi mphepo yeniyeni yowomba pafoni, imene imaphimba "s" msanga kuposa mawu ena.

Sapitwa3002
Pali yachitatu. Kumudzi ndani amanena "sindinathire" momveka chilembo chilichonse? Timati "sin'nathire". Makina anaphunzira kwa anthu owerenga papepala, sadziwa kuti timameza mawu.

MlembiWaKilabu
Ndamvetseranso ndi zomvera za m'makutu. Anapumadi pambuyo pa "lachitatu", mphepo ilipo, ndiponso ananenadi "sin'nathire" monga mukuneneramo. Zonse zitatu zilimo.

Sapitwa3002
Ndiye kampata kokha sikakwanira.

ZaMakinaBT
Mwina ayi. Koma n'zotheka kuyesa. Mphwanu asandutse voisiyo kukhala fayilo imene makina ambiri omva mawu amafuna, n'kuipereka yonse yosadula, poti ndi yaifupi:

```
ffmpeg -i uthenga.opus -ar 16000 -ac 1 uthenga.wav
```

"Si" akabwerera, wolakwa ndi wodula. Akapanda kubwerera, wina anene chiganizo chomwecho m'nyumba mopanda mphepo, kamodzi momveka bwino, kamodzi momeza. Mudziwa ngati vuto ndi phokoso kapena kalankhulidwe.

GaidiLikhubula
Pepani ndilowererepo. Ine ndimakwera ndi alendo kuphiri, Achingerezi sindivutika nawo koma pamabwera Ajeremani ndi Afalansa okalamba amene Chingerezi chawo n'chochepa. Ndaona iwo akulankhula pafoni, foni n'kuyankha m'chinenero china nthawi yomweyo. Bwanji a kilabu osangotenga zimenezo? Ndamva kuti pulogalamu yomva mawu yotchedwa Whisper imamva chinenero chilichonse.

ZaMakinaBT
Chilichonse ayi, achimwene. Whisper inatulutsidwa ndi OpenAI mu 2022, ndipo pamndandanda wake pali zinenero pafupifupi 100. Chiswahili chilipo, Chishona chilipo, Chichewa palibe. Makina otere akamva chinenero chimene sakuchidziwa sanena kuti sindikuchidziwa, amasankha chapafupi n'kulemba ndithu. Pali anthu amene amaiphunzitsanso ndi mawu a Chichewa, koma imeneyo ndi ntchito ina yofuna mavoisi ambiri olembedwa bwino.

Zimene zili ndi Chichewa zilipo. Meta inatulutsa MMS mu 2023, yomva ndi kulankhula zinenero zoposa 1,100, ndipo chathu chimapezeka pa dzina loti `nya`. Mbali yaikulu ya mawu amene anaphunzitsira zinenero zochuluka chonchi inachokera ku zojambula za anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Tangoganizani kusiyana kwa munthu wowerenga Baibulo m'chipinda chachete ndi mayi amene ali m'munda wa tiyi dengu lili kumsana. Pa kumasulira, NLLB ya mu 2022 ili ndi zinenero 200, Chichewa chili pa `nya_Latn`. Google Translate inaika Chichewa kalekale mu 2014.

Zimene mumaona kwa alendo anu zimayenda bwino chifukwa Chijeremani ndi Chingerezi zili ndi zojambula ndi zolemba zosawerengeka. Kawirikawiri njira ndi yomweyi ya makina atatu, koma aliyense wa atatuwo anaphunzira mokwanira.

GaidiLikhubula
Chabwino. Komanso kumtunda ku Chambe kapena ku Lichenya netiweki ndi ya mwayi, ndiye kwa ine n'chimodzimodzi.

MnyamataWaLuchenza
Ku Lichenya imagwira mukaima pamwala wina uja.

GaidiLikhubula
Mlendo atathyoka mwendo mukamunyamule kupita naye pamwalapo kuti foni imasulire?

AgogoAKuBvumbwe
Ana inu, ine zimene ndikuopa n'zakuti akuti makinawa amatha kuba mawu a munthu. Mdzukulu wanga anandiuza kuti wina akhoza kuimba foni ndi mawu anga n'kupempha ndalama. Amayi a tiyiwo mawu awo sabedwa?

Sapitwa3002
Agogo, zimenezo zilipo ndithu koma ndi nkhani ina. Pano mawu amene mlangizi amamva si a mayiwo, ndi mawu a makina amodzimodzi kwa aliyense. Chofunika kufunsa n'choti mavoisi a alimi akusungidwa kuti, pa kompyuta ya mnyamatayo kapena akutumizidwa kunja, ndipo alimiwo anauzidwa kapena ayi.

MlembiWaKilabu
Anauzidwa pamsonkhano, agogo. Za kumene akusungidwa ndifunsa.

DalaivalaThyolo
Ine ndili ndi nzeru yosavuta. Mukamasulira kupita ku Chingerezi, mumasulirenso kubwerera ku Chichewa. Zikafanana ndiye kuti zili bwino. Ndimatero ndikamalembera abwana anga.

MphunzitsiChonde
Bambo, tayesani ndi uthenga womwewu. Chingerezi chija chikabwerera chipereka "Lachitatu ndinathira". Mukachiyerekeza ndi zimene makina oyamba analemba, zifanana ndendende. Mudzati zonse zili bwino pamene zolakwika zonse ziwiri zili momwemo.

DalaivalaThyolo
Koma nthawi zina imagwira.

ZaMakinaBT
Imagwiradi womasulira akasochera kwambiri, monga akadumpha chiganizo kapena akaika nambala ina. Musaitaye. Koma singaone zimene zinalakwika kumasulira kusanayambe, ndiponso singaone liwu la matanthauzo awiri limene limapita ndi tanthauzo lolakwika n'kubwerera lili lomwelo. "Mtengo" ndi chitsanzo china. Polankhula, wa m'nkhalango ndi wa pamsika timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma polemba n'chimodzimodzi. Makina oyamba akangolemba, kusiyanako kwatha, ndipo palibe amene angakubwezeretse kutsogolo.

Mukaganiza za ulendo wonse, funso la mlimi limadutsa makina atatu, yankho limadutsanso atatu. Tingoyerekeza, osati kuti ndayeza, kuti aliyense amasunga tanthauzo la mauthenga 9 mwa 10. Popita pokha mutsala ndi pafupifupi 73 mwa 100. Kupita ndi kubwera, pafupifupi 53.

Sapitwa3002
Masamuwo ndikuwakana pang'ono. Makina asanu ndi limodziwo si ofanana. Womva Chingerezi cha mlangizi ndi wowerenga Chingerezi salakwitsa uthenga umodzi mwa khumi. Ofooka ndi amene akukhudza Chichewa. Mukaopseza anthu ndi 53 asiya chinthu chimene chikuwathandiza.

ZaMakinaBT
Ndavomera kuti safanana, n'chifukwa chake ndati tiyese aliyense payekha. Koma womva Chingerezi musamukhulupirire msanga. Chingerezi cha ku Kenya chojambulidwa m'galimoto si chimene anazolowera kwambiri.

MayiWaLimbuli
Za ulendo wobwererawu ndili nazo ine. Ndimagula nandolo ndi chimanga kwa anzathu a ku Milange, kuwoloka pa Muloza. Ambiri timamvana Chinyanja kapena Chilomwe, koma pali bwana wina wa sitolo amene amalankhula Chipwitikizi chokha. Mwana wanga anandiikira apu ina. Zinthu ziwiri zinandinyansa. Choyamba, imanditchula "iwe". Ine mayi wa ana akuluakulu, "iwe ubwere mawa". Ndinakwiyira bamboyo kufikira wina atandiuza kuti m'Chipwitikizimo analankhula mwaulemu. Chachiwiri, ikafika pa mtengo imangodumpha. Imati "thumba limodzi ndi", kenako zii, n'kupitiriza. Polemba nambala ilipo, polankhula palibe.

ZaMakinaBT
Mayi, zonse ziwiri zili ndi chifukwa chake. Mapulogalamu ambiri akamamasulira pakati pa zinenero ziwiri zimene zilibe zolemba zambiri zofanana amadzera ku Chingerezi mwakachetechete. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la "iwe" ndi "inu", choncho ulemu wa m'Chipwitikizi umafera pamenepo, ndipo potulukira ku Chichewa makina amangolota. N'chimodzimodzi popita. Mukati "abambo abwera", Chingerezi chikhoza kutuluka ngati abwera anthu ambiri, ndipo "anati" sanena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, choncho womasulira amasankha yekha.

Za manambala ndi vuto la makina achitatu. Owerenga mokweza ena amadziwa zilembo zokha zimene anaziona pophunzira. Chizindikiro chimene sakuchidziwa amachichotsa osanena. Ndiye pamafunika kapulogalamu kakang'ono pakati, kosandutsa manambala kukhala mawu asanafike kwa wowerenga. Apa mpamene munthu wa kuno amafunika, chifukwa ayenera kusankha kanenedwe. Pamsika palibe amene amati makumi asanu. Timati fifite, timati twente faifi sauzande. Mukalemba "makilogalamu makumi asanu" n'zolondola, koma "fifite keji" ndi zimene mlimi amve msanga.

MphunzitsiChonde
Apo ndiye sindikugwirizana nanu. Manambala ang'onoang'ono tili nawo ndipo aliyense amawamva. Matumba awiri, masiku atatu. Tisaphunzitse makina kuti Chichewa chilibe manambala.

MayiWaLimbuli
Aphunzitsi, awiri ndi atatu palibe akutsutsa. Koma 47,500 mundinenere m'Chichewa cha m'kalasi, lole ikudikira.

MphunzitsiChonde
Pa ndalama ndagonja. Pa matumba ndi masiku ayi.

MnyamataWaLuchenza
Nanga bwanji osangochotsa zolemba zapakatizo? Ndinawerenga kuti kuli makina amene amatenga mawu n'kutulutsa mawu mwachindunji. Zolakwika zopatsirana sizingakhalepo.

ZaMakinaBT
Alipo. Google inaonetsa Translatotron mu 2019, ndipo Meta inatulutsa SeamlessM4T mu 2023. Ubwino wake ndi woona: amene akumasulira amamva voisi yeniyeni, choncho kakwezedwe ka mawu ndi kupuma sizitayika msanga. Koma SeamlessM4T imamva zinenero pafupifupi 100 pamene zimene imalankhula sizikwana 40, ndipo Chichewa sichili m'gulu lolankhulidwalo. Yankho la mlangizi lidzafunabe wowerenga wina wapadera.

Chimene ine ndimakondera makina atatu olumikizana n'chimene tachita pano lero. Bambo mlembi atiikira zolemba ziwiri, ndipo mphunzitsi, dalaivala ndi mayi wa geni aona ndi maso awo pamene panapindika. Mawu akalowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo popanda choonetsa pakati, mukanangodziwa kuti zalakwika, osadziwa pokonza.

MnyamataWaLuchenza
Komabe m'tsogolo muno zachindunjizo zipambana.

ZaMakinaBT
Zikhoza kutero. Feteleza wa chaka chino sadikira zimenezo.

MlembiWaKilabu
Mphwanga wayesa. Atapereka voisi yosadula, makina analemba "sinathire". Si liwu lolondola koma kukana kwabwerera, ndipo womasulira anatulutsa kuti sanathire. Ndiye wodula uja ali ndi mbali yake. Kenako ndinamupatsa chiganizo cholondola chimene ndinalemba ndi dzanja, chokhala ndi mipumiro yonse. Womasulira ananenabe za tsiku Lachitatu. Titalemba "thumba lachitatu sindinathire" mpamene zinatuluka bwino.

ZaMakinaBT
Ndiye mwapeza zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake. Ine ndikanakhala inu ndikanachita izi. Uthenga usamapite kwa womasulira musanauone. Makina oyamba akalemba, zolembazo zizibwera kwa inu kapena kwa wina wa m'komiti, amvetsere voisi akuwerenga, akonze, aike mipumiro, abwezeretse mawu amene mlimi anawasiya poti ndi odziwikiratu kwa ife. Ntchito imeneyi siifuna Chingerezi, imafuna munthu wodziwa kuwerenga Chichewa basi. Pamenepa mpamene pali makina ofooka kwambiri, komanso mpamene anthu otha kuwakonza ndi ochuluka.

Kwa mlangizi muzitumiza zolemba za Chingerezi pamodzi ndi voisi, ndipo iye aziyamba yankho lake pobwereza zimene wamva: ndamva kuti munathira matumba awiri ndipo lachitatu simunathire. Zikanatero, mayi aja akanamva kuti akunenedwa kuti anathira Lachitatu, n'kukana pomwepo. Manambala onse a m'yankho azipitanso olembedwa.

Sapitwa3002
Ndiye phindu la makina lili pati ngati mlembi azimvetsera voisi iliyonse? Si bwino angomasulira yekha?

MlembiWaKilabu
Chingerezi changa chimakwana pamsonkhano, koma kulemba mauthenga onse a nyengo yothira feteleza sindingathe ndekha. Kukonza Chichewa tikhoza kugawana anthu anayi a m'komiti. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi yothyola tiyi, pamene aliyense amakhala kumunda kuyambira m'mamawa.

DalaivalaThyolo
Auzeni alimiwo azilankhula momveka. Ziganizo zifupizifupi, atembenukire kumene kulibe mphepo, akafuna kukana ayambe ndi "ayi". Azitchula thumba nthawi zonse.

MphunzitsiChonde
Kubisala mphepo ndi kufupikitsa uthenga ndikuvomera. Koma mayi aja analankhula Chichewa chabwino, chomveka kwa mwana aliyense wa sitandade 3. Mukayamba kuwauza kuti alankhule mwa mtundu wina kuti foni iwamve, amayi achikulire angosiya kutumiza, ndipo ndi omwewo amene njirayi inapangidwira.

DalaivalaThyolo
Nanga polankhula ndi mzungu sitichepetsa liwiro? N'chimodzimodzi.

MphunzitsiChonde
Mzungu akapanda kumva amakwinya nkhope, iwe n'kubwereza. Foni siikwinya.

ZaMakinaBT
Pali njira yapakati imene mphwanu angayese. Makina azifufuza okha mauthenga oopsa n'kuwaika pambali kuti munthu awaone: amene ali ndi nambala, dzina la mankhwala, tsiku, kapena funso loti ndichite kapena ndisachite. Moni ndi zidziwitso za msonkhano zizidutsa zokha. Koma dziwani malire ake. Kusaka mauthenga amene ali ndi "si" kapena "sa" sikungagwire uthenga ngati wa mayi aja, chifukwa mmenemo "si" ndi amene anasowa. N'chifukwa chake ndikuti musankhe potengera nkhani yake, feteleza ndi mankhwala zonse zizionedwa ndi munthu.

Ndipo voisi iliyonse imene mwakonza muziisunga pamodzi ndi zolemba zake zolondola, eni ake atalola. Mukasonkhanitsa maola angapo a mawu a alimi enieni a kuno, ndi "sin'na" wawo ndi mphepo yawo, mnyamatayo akhoza kuphunzitsanso makina oyamba aja. Ngakhale zisanakwane zophunzitsira, mavoisi 50 okha ndi okwanira kuyesera pulogalamu iliyonse yatsopano musanaikhulupirire.

AgogoAKuBvumbwe
Nanga amene amasakaniza ndi Chilomwe? Kwathu ku Thyolo kuno achikulire ena amayamba Chichewa, nkhani ikafika pamtima n'kulowa Chilomwe.

MlembiWaKilabu
Ifenso tili nawo, agogo, makamaka cha kumalire.

ZaMakinaBT
Pa zinenero 200 za NLLB Chilomwe palibe. Ndipo makina oyamba amauzidwa chinenero chimodzi asanayambe kumvetsera, choncho mawu a Chilomwe adzawalemba ngati mawu a Chichewa ofanana nawo kamvekedwe, womasulira n'kuwapezera tanthauzo. Mudzazindikira poona chiganizo chimene mawu ake ndi a Chichewa koma sakugwirizana. Mavoisi otere asalowe n'komwe m'makina oyamba. Wa m'komiti wodziwa Chilomwe awalembe yekha m'Chichewa, ayambire pa womasulira.

MayiWaLimbuli
Bambo mlembi, mphwanuyo akakonza za manambala mundiuze, ndimutumizire mitengo ya nandolo mmene timaitchulira pa Limbuli. Ya metikali ndi ya kwacha, chifukwa kumeneko timatchula zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi.